Gauni Yobwereka Pakhonde la Amalume

Kutatsala tsiku limodzi kuti alandire digiri yake ya zoyeza malo, Mildred adatsika minibasi pamsika wa Ndirande atakumbatira jumbo yakuda, nalunjika pakhonde la golosale pamene amalume ake a Nedson ankasokera. Kwawo ku Chilomoni magetsi adali atathima chim'mawire, gauni ya galajuweshoni idali makwinya okhaokha, ndipo pamtundu wonse munthu amene adali ndi simbi ya makala adali telala ameneyu basi.

"Odi amalume."

A Nedson adadzutsa mutu, mapini ali kukamwa. Adawalavulira m'dzanja.

"Ogo! Abwana a malo afika! Ima pomwepo ndikuone bwino. Tatembenuka."

Mildred adatembenuka, naima atayang'ana kumsewu.

"Iwe, ndilankhule ndi nkhongo?"

"Munati nditembenuke."

"Tembenukanso!" Adamugwira manja onse awiri ndi kuwagwedeza ngati akupeta. "Mwana wa achemwali, wagwira ntchito. Watichotsa chitonzo. Kuchokera kwathu ku Thyolo mpaka m'tauni muno, palibe wa magazi athu amene anaponda pamene waponda iwepa. Mayi ako anandiimbira foni akulira, ine ndimvekere kwagwa zovuta, osadziwa kuti ndi mayeso atuluka. Akuti wakhoza pamwamba penipeni."

"Ayi, pakati."

"Pakati?"

"Ndakhoza ndi kirediti. Pamwamba ndi disitinkishoni, pansi ndi pasi. Ine ndili pakati."

"Kwa ine ndi pamwamba."

"Koma ndi pakati."

"Iwe Mildred, ndikukuyamika kapena tikuyeza munda?"

"Mukundiyamika. Zikomo kwambiri amalume."

Mildred adali mwana wotero chibadwire. Ukamutuma kuti akaone ngati madzi awira, ankapita, kuona, ndi kubwera kudzakuuza kuti awira, poto ali pamoto pomwepo. Adamasula jumbo ija natulutsa gauni yakuda, yolemera.

"Amayi akuti mutisitireko. Kusita kokha."

A Nedson adaigwira m'mapewa, naikutumula. Gauni idatambasuka kuchokera pachibwano pawo mpaka pasimenti. Adaisuzumira kutsogolo, adaisuzumira kumbuyo, kenaka adasuzumira Mildred, amene msinkhu wake unkawalekeza m'khwapa.

"Mukhalamo angati?"

"Ndekha."

"Iyi ndi tenti ya pamaliro iyi. Anakuyeza ndani?"

"Sayeza. Amangofunsa kuti yaing'ono, yapakati kapena yaikulu."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati yaing'ono. Anati zatha. Ndinachedwa ndi kiliyalansi."

"Ndiye chiyani chimenecho?"

"Usanatenge gauni umazungulira kusayinitsa kuti ulibe mlandu ndi sukulu. Ku ofesi ya fizi, ku hositelo, ku dipatimenti, ku laibulale. Ku laibulale ananditsekereza chifukwa cha buku lomwe ndinabweza kalekale. Pamene amalipeza pashelefu, anzanga anali atasankha kale. Kunatsala za anthu aatali."

"Palibe vuto," adatero a Nedson, akuiyala pathebulo. "Mulungu sapatsa munthu gauni yaikulu popanda kumupatsa malume telala."

Dzanja lawo lidapita kukhutu, kumene kunkakhala kachoko. Mildred adaona mzere woyera ukuyamba kuyenda pansi pa gauni.

"Amalume, mukulemba chiyani?"

"Ndikuchotsa chikhato chimodzi ndi theka. M'mbalimu ndilowetsa, ikugwire m'chiuno. Imeneyi ndiye mphatso yanga. Ena akupatsa mapoto, ena makadi. Ine ndikupatsa gauni yokukhala."

"Siidulidwa."

"Nsalu iliyonse imadulidwa."

"Iyi ayi. Tinasayina potenga. Mwambo ukatha timabweza zonse zitatu, gauni, hudi ndi chipewa. Amaziyang'ana chimodzichimodzi. Akapeza podulidwa, popsa kapena posokedwa, satifiketi sapereka mpaka nkhani itakambidwa."

"Satifiketi si akupatsa m'manja mawa, anthu akuona?"

"Pasiteji amangotchula dzina ndi kutigwira chanza. Pepala lenileni timakatenga ku ofesi, titabweza gauni."

"Ndiye kuti digiri yako ili pachikole cha nsanza iyi?"

"Eya. Ndipo Lolemba ndili ndi intavyu ku Lilongwe. Akufuna satifiketi yeniyeni, osati fotokope."

A Nedson adaima kaye. Adayang'ana choko, adayang'ana gauni. Mildred adapumira m'mwamba, kuganiza kuti zamveka.

"Chabwino," adatero. "Ndidula mosaoneka."

"Amalume!"

"Ine ndinafupikitsa suti ya abusa, abusa eni ake osadziwa. Ankangoti akula."

"Ayiyeza ndi tepi."

"Tepi yanga ndiye imanama? Taima, unati mubweza? Kubweza bwanji? Si yako?"

"Ndi yobwereka. Timachita hayala."

"Hayala ngati minibasi ya kuukwati?"

"Eya."

"Ukabweza aichita nayo chiyani?"

"Avala ena chaka chamawa."

"Nanga chaka chatha?"

"Anavala ena."

A Nedson adachotsa manja pagauni pang'onopang'ono, ngati agwira mphika wotentha. Kenaka adawerama, nanunkhiza m'khwapa mwake.

"Mwamuna," adalengeza. "Wonenepa. Wamantha."

"Amalume, anthu akuyang'ana."

"Ayang'ane! Zaka zonse zija mayi ako akugulitsa tomato pa Chilomoni, kuti tsiku lako lalikulu uvale kaunjika? Ngakhale kaunjika amaposa, umasankha wekha pamulu. Bwera nayo, tiyiviike mu safu. Dzuwa likadalipo."

"Siichapidwa."

"Siidulidwa, siichapidwa. Imadya chiyani?"

"Siidya."

"Ndikudziwa kuti siidya!"

"Munafunsa."

A Nedson adakhala pampando wawo, napukuta thukuta ndi kachigamba ka chitenje. Adakokanso gauni ija, nayamba kuifufuza kutsogolo, kuchokera pakhosi kutsika. Adabwereza kachiwiri.

"Mabatani ali kuti?"

"Ilibe."

"Anathothoka?"

"Siikhala ndi mabatani."

"Zipi?"

"Ayi."

"Ndiye amene anasoka anamwalira ntchito ili pakati. Taona manjawa. Awa ndi manja kapena matumba a ufa? Mkono utulukira pati?"

"Paliponse pamene pali poboola."

"Koma abale! Anthu ophunzira, mapulofesa, kulephera kumaliza chovala chimodzi. Mujumbomo mwatsala chiyani?"

Mildred sadafune kutulutsa, koma adafunsidwa, ndipo iye akafunsidwa ankayankha. Adatulutsa hudi. A Nedson adaitembenuza uku ndi uku. Adalowetsamo dzanja, nalitulutsa. Adaiyesa pamutu pawo, idawagwera m'maso.

"Ichi ndi thumba lotolera mphatso?"

"Ndi hudi. Imavalidwa m'khosi, ndi kulendewera kumsana."

"Kumsana? Ntchito yake?"

"Mtundu wa m'mphepetewu ndi umene umasonyeza zimene munthu waphunzira. A zomangamanga mtundu wawo, a zamalonda wawo, ife wathu."

"Mvula ikagwa umafunda?"

"Ayi."

"Umaikamo foni?"

"Ayi."

"Ndiye imangolendewera ngati mleme."

"Eya."

"Igwa. Ndiilumikiza kugauni, ikhale kolala. Mizere iwiri ya makina, basi."

"Amawerenga zitatu, amalume. Mukalumikiza zikhala ziwiri."

"Uwauza kuti chachitatu chakwatiwa."

"Sangamve. Kutsogoloku kuli kachingwe, timakoletsa pabatani la malaya kapena timabaya ndi pini. Anatiphunzitsa lero ku rihezo."

"Rihezo? Kuli ukwati?"

"Ayi. Amatiphunzitsa kuyenda."

A Nedson adaomba m'manja kamodzi, natembenukira kwa mayi wina amene ankadutsa ndi dengu la masamba, ngati akufuna mboni.

"Mwamva? Mwana ndinamuphunzitsa kuyenda ine, atagwira mwendo wa makina awa. Lero akuti yunivesite ikumuphunzitsa kuyenda!"

"Kuyenda kwa mzere. Polowera, pokhala, pokwerera siteji, poweramira, potsikira. Aliyense ali ndi mpando wake. Ukasokoneza, dzina la wina limagwera pa iwe."

"Chipewa chili kuti?"

Chipewa chidatuluka. A Nedson adagogoda pamwamba pake ndi chala.

"Thabwa. Akusenzetsa thabwa. Chabwino, ophunzira asenze. Koma ngayaye iyi ndiye ikulowa m'maso pazithunzi." Sizasi idali kale m'manja.

Mildred adalumpha, nakwatula chipewa, nachiika pansi pa khwapa.

"Amalume, chonde. Makala. Simbi. Kusita."

"Ndamva, ndamva. Ukuyesa ndine mwana?"

Adatenga simbi yawo yachitsulo, napita nayo kwa mayi wootcha chimanga pakona, nabwera ili ndi makala a moto. Adaiika pamwala kuti itenthe. Mildred adakhala pabenchi, maso ali pa sizasi. Koma a Nedson sadagwire sizasi. Adatsegula kabati ya makina, natulutsa ulusi wachikasu wonyezimira, umene ankapetera nsalu za mabungwe a amayi a kumpingo.

"Sindidula," adatero mofatsa. "Sindichapa. Sindilumikiza. Ndingolemba dzina."

"Pati?"

"Kumsana. Malo ndiye alipo ambiri. MILDRED, pamwamba. Pansi pake, MPHWAWO WA A NEDSON TELALA, NDIRANDE."

"Imeneyo ndi sayinibodi."

"Ndi mafuno abwino."

"Amene adzavale chaka chamawa sadzakhala mphwanu."

"Adzakhala ndi mwayi."

"Ndiponso hudi ibisa."

"Ndiye ndilemba pachifuwa."

"Amalume, intavyu ya Lolemba."

"Zilembo zing'onozing'ono."

"Ayi."

"M yekha."

"Ayi."

"Kadontho."

"Kadontho n'kusoka."

A Nedson adamenya thebulo, mabatani a m'chitini nadumpha.

"Iwe Mildred, tandiuza. Yunifolomu yako ya Sitandade 1 anasoka ndani?"

"Inu."

"Ya ku sekondale, ija unang'amba pa mpanda wa waya pothawa galu?"

"Inu. Koma sanali galu, inali mbuzi."

"Diresi la ubatizo?"

"Inu."

"Siketi imene unapita nayo ku yunivesite tsiku loyamba, ukunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa?"

"Inu."

"Ndiye unayamba waimapo pamaso pa anthu ndi chovala chimene sichinadutse pansi pa singano iyi?"

Mildred adaganiza moona mtima.

"Juzi ya ku sekondale inali yogula."

"Juzi ndi yoluka! Ndikunena zosoka!"

"Ndiye ayi."

"Basi. Mawa ndiye tsiku loposa onsewo, ndipo ukufuna ukaime ndi chinthu chosokedwa ndi munthu wosamudziwa, wosamaliza ndi ntchito yomwe." Adatsitsa mawu, akupota ulusi uja pachala. "Makadi olowera muholo amapereka angati?"

"Awiri."

"Amayi ako ndi abambo ako. N'zoyenera, sindikudandaula. Ine ndidzakhala panja ndi amalume a anthu ena, m'tenti, tikuonera pa chisikirini. Ndinapitako chaka china kuperekeza neba. Ndinaona chiyani? Akhwangwala. Mazanamazana, onse akuda, onse thabwa pamutu. Neba analulutira mwana wa eni ake, wake atadutsa kalekale. Ine ndidzakudziwa bwanji?"

Apa Mildred adamvetsa chimene chinkawavuta amalume ake. Koma funso lidali litafunsidwa.

"Atchula dzina langa."

"Makutu awa anatha ndi makina. Komanso akangotchula dzina, mavuvuzela ndi nthungululu, sumva kanthu."

"Amatchula motsata alifabeti, pulogalamu ndi pulogalamu. Mukaona a zomangamanga atha, mudziwe kuti tayandikira. Ine ndili pambuyo pa mnyamata wamtali wa magalasi."

"Anyamata a magalasi ku yunivesite alipo mmodzi?"

"Ayi, ndi ambiri."

"Ndiye?"

"Ndidzakweza dzanja."

"Amalola?"

"Ayi."

"Waona! Ndiye leka singano yanga ilowe m'malo mwanga. Ilibe kadi, koma ilowa."

Asadamalize n'komwe, adali atasolola zipi wautali wofiira pa msomali, nakokera gauni pansi pa phazi la makina. Adatsitsa kachitsulo, kwa! Phazi lawo lidafika pa chopondera.

"Zipi wofiira kuchokera pakhosi mpaka pansi. Ndidzakuona ngakhale ndili ku Machinjiri."

Mildred adagwira gudumu la makina ndi manja awiri.

"Siya gudumu."

"Ayi."

"Ndine malume ako."

"Eya."

"Ndiye siya."

"Munati ndisiye chifukwa ndinu amalume, kapena chifukwa gauni ndi yanu?"

"Chifukwa ndine malume!"

"Ku ofesi safunsa za amalume."

"Ndipita nawe konko. Ndikawauza kuti ndawamalizira ntchito ulere."

"Aitana alonda."

"Alonda mayunifolomu awo amasoketsa kuti? Si kwa ife?"

Adaponda. Gudumu lidafuna kuyenda, Mildred adalikanikiza, lamba adalira, singano idatsika pang'ono ndi kuima, nsonga yake itatsala kachala kuti ikhudze nsalu. Adakhala choncho, wina akuponda, wina akugwira, ngati ng'ombe ziwiri zokana goli limodzi. Mildred, nkhope ili pafupi ndi makina, adayang'anitsitsa zipi uja.

"Amalume, zipi ameneyu ndi wanga."

"Eya, ndikukupatsa."

"Ayi. Ndinagula ndine, ku Limbe. Ndinabwera naye limodzi ndi chitenje chija."

"Chitenje chiti?"

"Chofiira cha mpendadzuwa. Cha diresi langa."

Phazi la a Nedson lidachoka pa chopondera. Maso awo adayenda pang'onopang'ono kupita kuchingwe cha kukhoma, kumene kunkalendewera zovala za makasitomala. Pakati pa buluku la mlonda ndi yunifolomu ya kwaya padali diresi lofiira, mpendadzuwa waukulu pachifuwa, dzanja limodzi losokedwa, linalo litangogwiridwa ndi mapini.

"Lija? Lija latsala pang'ono."

"Munati ndibwere mawa."

"Eya, bwera mawa."

"Munatero mwezi watha. Ndinabwera mawa lake, munati mawa. Ndinabweranso, munali kumaliro. Ndinabweranso, munati magetsi."

"Anathimadi."

"Makina anu ndi opondera."

"Iwe, telala sathamangitsidwa. Diresi la kutchalitchi likuthawira kuti? Khirisimasi ili kutali."

"Si la kutchalitchi."

"Nanga?"

"Ndi la mawa. Lovala mkati mwa gauni."

A Nedson adayang'ananso diresi lija. Kumsewu kondakitala ankakuwa za Limbe.

"La galajuweshoni?"

"Eya."

"Bwanji sunanene?"

"Munafunsa m'chiuno, m'mapewa ndi kutalika. Za kumene ndikupita nalo simunafunse."

"Mayo ine! Mwana uyu adzandipha. Ndikanapanda kutenga zipiyu ukananena liti?"

"Mukamaliza kusita. Amayi anati choyamba gauni, chachiwiri diresi."

A Nedson adanyamuka, natsitsa diresi lija pachingwe, nalikutumula fumbi. Adaligwira patsogolo pawo, mutu utapendekeka.

"Ndiye mkati mwa tenti iyi mudzakhala ili?"

"Eya."

"Ntchito yanga yonse kukwiriridwa ngati mbatata."

"Mukaika zipi, eya. Mukapanda kuika, gauni imakhala yotsegula kutsogolo. Diresi limaoneka kuchokera pakhosi mpaka m'maondo. N'chifukwa chake anthu amasoketsa zatsopano."

"Limaoneka?"

"Lonse la kutsogolo."

"Ndi pa chisikirini pomwe?"

"Kamera imakhala kutsogolo."

A Nedson adakweza kachitsulo ka makina mosamala, nasolola gauni ngati akunyamula khanda la eni ake. Adaiyala pathebulo, naika diresi mkati mwake, napinda mbali ziwiri zakuda uku ndi uku. Mpendadzuwa udatulukira pakati, wofiira ndi wachikasu, ngati moto m'ng'anjo. Adabwerera m'mbuyo mpaka kumapeto kwa khonde, natsinzina diso limodzi. Adatsika masitepe, naima pakati pa msewu, wakabaza namuzemba akutukwana.

"Likuoneka!" adakuwa. "Mildred, likuoneka!"

Adabwera akupuma mofulumira.

"Amene anasoka gauni iyi ndi munthu wanzeru."

"Munati anamwalira ntchito ili pakati."

"Ndinanena ine? Munthuyu anadziwa kuti mwana aliyense ali ndi telala wake kumudzi, ndiye anatisiyira windo. Ulemu umenewo. Mabatani pamenepa akanakhala chipongwe."

"Ndiye musita?"

"Khala apo uone ntchito."

Adayamba ndi kupukuta mzere wa choko uja ndi kansalu konyowa mpaka udatheratu. Adatsegula simbi, nauzira makala, naitseka, naiyesa pa chigamba. Sadaiike pagauni mwachindunji. Adayala kansalu koyera pamwamba, nawaza madzi ndi zala, nasita pamwamba pa kansaluko pang'onopang'ono, poti nsalu zoterezi zikapsa zimanyezimira ndipo sizibwerera. Mildred atafuna kuwathandiza kugwira mbali ina, adamumenya padzanja.

"Manja ako ali ndi thukuta. Katundu wa sukulu uyu."

Atamaliza adaikoleka pa hang'ala, kutali ndi makala, nakhala pamakina. Diresi limene lidakana kutha mwezi wathunthu lidatha dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Dzanja lidalowa, zipi wofiira adapita kumsana kumene adagulidwira, ndipo mkati mwa kolala, pamene sipaoneka, a Nedson adapetapo ndi ulusi wachikasu uja, lilime lili panja.

"Mwalemba chiyani?"

"Werenga. Si ndiwe wophunzira?"

Mildred adatembenuza kolala. Padalembedwa kuti TAKUNYADIRA.

"Apa ndiye palibe ofesi imene ingandiletse," adatero a Nedson, akudula ulusi ndi mano. "Diresi ndi lako, khosi ndi lako. Ukamakwera masitepe aja, mawu amenewa akhale akukukanda. Ndinkakuona ukuwerenga pansi pa thebulo ili, nyali ya foni ili kukamwa, ine ndikusoka. Sindinkadziwa kuti ukuwerenga chiyani. Mpaka lero sindidziwa. Koma ndinkadziwa kuti mutu umenewu sudzathera pamsika."

Mildred adafuna kunena kuti sinali nyali ya foni, inali tochi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake adameza mawu.

"Zikomo amalume."

"Usalire, udontheza pagauni. Kavale tione."

Adalowa kuseri kwa katani ya m'golosale, natuluka ndi diresi. Lidamukhala ngati adabadwa nalo. A Nedson adamuveka gauni m'mapewa, nakoleka hudi m'khosi, naibaya ndi pini pa diresi, osati pagauni, namuika chipewa pamutu, ngayaye ili pambali. Mayi wa chimanga adaluluta ali pakona pomwepo. Mwini golosale adatulutsa mutu pawindo, naomba m'manja.

"Tayenda," adatero a Nedson. "Monga anakuphunzitsira."

Mildred adawongola msana. Adaponda kamodzi. Adaponda kachiwiri. Kachitatu nsapato idaponda gauni, gauni idakoka mapewa, chipewa chidauluka, ndipo mwini digiri adapezeka atakumbatira mzati wa khonde. A Nedson adathamangira chipewa, nachigwira chisadafike pansi.

"Chapulumuka," adatero, akuchipukuta.

"Nanga ine?"

"Iwe suli pa hayala."

Mildred adayang'ana pansi. Gauni idali itaunjikana mozungulira mapazi ake ngati thumba lokhuthuka. Ku rihezo adayenda opanda magauni. Tsopano adakumbukira masitepe a siteji ija, aatali, opanda pogwira, akuluakulu a yunivesite atandandalika pamwamba, kamera ili kutsogolo, ndi chisikirini cha m'tenti chimene amalume onse a mu Blantyre adzakhala akuyang'ana.

"Tayesanso," adatero a Nedson.

Adayesanso pa masitepe a golosale. Loyamba adakwera. Lachiwiri adagwada.

"Amalume."

"Ee?"

"Ndi yaitalidi."

"Ndi mmene anaipangira eni ake."

"Ndigwa pamaso pa anthu."

"Ukagwa, ugwe chagada, diresi lioneke."

"Amalume, ndikunena zoona. Mwina mungopinda pansipa. Osadula. Kungogwiriza ndi ulusi wakuda, motalikirana. Mwambo ukatha ndidzamasula ndekha kubafa ndisanabweze."

"Kugwiriza n'kusoka."

"Sizioneka."

"Singano imasiya maboo."

"Ang'onoang'ono. Munati munafupikitsa suti ya abusa osadziwa."

"Abusa analibe intavyu ku Lilongwe."

"Mapini okha ndiye. Anayi."

"Ayi."

"Awiri, kutsogolo kokha."

A Nedson adatseka chitini cha mapini, nachiponya m'kabati, nakhoma, kiyi naika m'thumba la malaya. Adamuvula gauni m'mapewa, naipinda mwaulemu, naisalaza ndi chikhato, kenaka adamuyang'ana mwachisoni, akupukusa mutu.

"Koma ana a masiku ano. Munthu wa digiri, wa kirediti, kubwera pakhonde la malume ako kudzawanyengerera kuti aononge katundu wa yunivesite? Ukaigwire m'manja ngati mkwatibwi. Ine zachinyengo sindipanga nawo."